Musanatukwane sopo, yambani mwafunsa madzi anu

Abale anga a kunyanja, akuluakulu ndi achemwali nonse, lero ndabwera ndi nkhani ya sopo. Osaseka. Ndikudziwa ena muyamba zoti mwana wa msodzi wasowa cholemba, koma werengani kaye, chifukwa ndalama imene ikutha pa sopo m'nyumba zathu chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 si yamasewera.

Mkangano wake mumaudziwa. Wina amati Bumu ndiye dolo, wina amati palibe choposa Azamu, amayi ena safuna kumva china koma Sanilaiti wobiriwira amene anakula naye. Aliyense amalumbira, ndipo aliyense akunena zoona, kungoti akuchapira madzi osiyana. Wa pa gombe akutunga m'nyanja, wa kumtunda akupopa mjigo. Ine maganizo anga ndi awa: dzina la pa paketi limabwera pachiwiri. Choyamba ndi madzi. Sopo wabwino pa madzi olakwika ndi kutaya ndalama basi.

Mayina ndi ambiri pa sheluvu, koma mabanja ndi awiri okha. Banja loyamba ndi la sopo wa tabuleti ndi wamtali wodula uja: Yufuleshi, Azamu, Sanilaiti wobiriwira ndi anzawo. Ameneyu ndiye sopo weniweni, wophikidwa kuchokera ku mafuta, kawirikawiri a kanjedza, posakaniza ndi soda woyabwa. Banja lachiwiri ndi la waufa ndi waphala: Omo, Safu, Sanilaiti waufa, Bumu wa kampani ya Trade Kings ya ku Zambia. Timangowatchula onse kuti sopo, ndipo waufa aliyense kwathu kuno ndi "safu" ngakhale paketi ikunena zina, koma mankhwala ochotsa litsiro a m'banja lachiwirili ndi ena ndithu. Taonani Sanilaiti: dzina limodzi, koma wa tabuleti ndi waufa ali m'mabanja osiyana, ndipo pa mjigo sachita zofanana. Nde munthu akangoti "Sanilaiti ndi wabwino" mufunseni kuti uti.

Tsopano madzi. Madzi a pansi amakhala nthawi yaitali m'miyala ndi m'dothi, ndipo amasungunula timchere tiwiri, kashiamu ndi maginiziyamu. Ganizani za njereza yosungunuka imene maso sangaione. Madziwo amaoneka oyera bwinobwino, kumwa amamweka, mwina osamveka mchere n'komwe, koma amakana sopo. Ena amati madzi olemera. Chizindikiro chake chili m'khitchini: ketulo kapena poto wowiritsira madzi amachita chikhakha choyera pansi, chosachoka ndi kutsuka wamba.

Sopo wa tabuleti akakumana ndi timchere timeneti amagwirana nato n'kusanduka zoyerayera zonona zija zimayandama pamwamba ndi kumata m'mbali mwa beseni. Ambiri amaganiza kuti limenelo ndi litsiro lochoka m'zovala. Ayi ndithu, mbali yaikulu ndi sopo wanu amene wafa asanagwire ntchito. Thovu silibwera mpaka timchere tonse ta m'besenimo titakhuta sopo. Zikatero ndiye wotsalayo amayamba kuchapa.

Tiyeni tiwerengere, masamu ake si ovuta. Akatswiri a madzi amayeza kulemera kumeneku pa mamiligalamu a laimu pa lita imodzi, ndipo madzi opitirira 180 amati ndi olemera kwambiri. Galamu imodzi ya laimu ameneyu imapha magalamu pafupifupi 6 a sopo. Tiyerekeze mjigo wanu uli pa 300. Ndowa ya malita 20 ndiye kuti muli magalamu 6 a laimu, ndipo amenewa adya magalamu pafupifupi 35 a sopo thovu lenileni lisanaoneke. Ngati tabuleti yanu ndi ya magalamu 200, gawo limodzi mwa magawo 6 lapita pa ndowa imodzi yokha, kolala ya shati musanaikhudze. Madzi a Nyanja ya Malawi safika pa 100, choncho ndowa yomweyo ingadye magalamu osapitirira 12. Madzi a mvula sadya kanthu. Mwaona pamene pagona mkangano uja? Tabuleti imene imatha sabata kwa azakhali a pa gombe imatha masiku awiri kwa amalume a kumtunda, kenaka amalume amati sopo wa masiku ano ndi wabodza.

Ndipo kutha msanga si vuto lokhalo. Zonona zija zimalowa mu ulusi. Yunifomu yoyera imayamba kuoneka yotuwa ngati yagona pa phulusa, thaulo imauma gwa ngati chikopa cha ng'ombe, ndipo chovala chimasunga fungo ngakhale chauma pa dzuwa la Okutobala. Kwa ife a zovala za mafuta a usipa ndi utaka, fungo limenelo mukulidziwa, silifuna kufotokoza.

Waufa ndi waphala sagwirana ndi timchere tija mofanana ndi tabuleti, n'chifukwa chake amachita thovu pa mjigo pomwe tabuleti yalephera. Komanso waufa ambiri amathiramo soda wochapira, amene ntchito yake ndi kugwira laimu uja n'kumuchotsa panjira. Nde pa mjigo wolemera, ine sindizungulira: banja la waufa ndi waphala lapambana, ndipo Yufuleshi, Azamu ndi Sanilaiti wobiriwira onse agwera limodzi. Kukangana kuti mwa atatuwa wabwino pa madzi olemera ndi uti kuli ngati kukangana kuti ndi bwato liti lingalimbane ndi mwera wa mu Julaye. Onse abwerera ku gombe.

Mukufuna kudziwa za mjigo wanu? Simukusowa munthu wa ku boma. Tengani mabotolo awiri a theka la lita, otsuka bwino. Lina thirani madzi a mjigo kufika pakati, linalo madzi a mvula kapena a m'nyanja kufika pomwepo. Palani tabuleti ndi mpeni, muponye kachidutswa kofanana ndi njere ya chimanga m'botolo lililonse, mutseke, mukhutchumule mpaka kasungunuke. Botolo la madzi opepuka lichita thovu lokhalitsa. La madzi olemera lichita mbuu ngati mkaka wothira madzi, timatuza tochepa n'kuzima pompo. Onjezerani njere ina, kenaka ina, mukuwerenga, mpaka thovu likhale kwa mphindi zingapo osazima. Ngati la mjigo lafuna njere ziwiri kapena zitatu pomwe linzake lakhuta ndi imodzi, yankho mwalipeza. Njira yomweyi ikuuzaninso za tabuleti yachilendo imene mwagula pa msika: alipo ena ooneka ngati sopo wamba koma opangidwa ndi mankhwala a banja la waufa, ndipo otere achita thovu m'mabotolo onse awiri.

Osatengera za mjigo wa anzanu. Mijigo iwiri m'mudzi umodzi imatha kusiyana, kutengera ndi kuya kwake ndi dothi limene inaboola.

Tsono m'banja lopambanali, ndani ndi ndani? Apa ndiyankhula monga ndimaonera, ndipo wosagwirizana nane abwere ndi beseni lake.

Bumu waphala, wabuluu uja, mphamvu yake ili pa mafuta. Oyilo wa injini ya boti, girizi, mwaye wa nyali, mafuta a kampango: mupake phalalo pa banga chovala chisananyowe kwambiri, mufikise pang'ono, musiye mphindi 10, kenaka muviike. Phala limakhala pamalo pomwe mwaliika, pomwe ufa umabalalika m'beseni monse. Ubwino wina, amapezeka m'timapaketi ting'onoting'ono, zogwirizana ndi thumba la munthu amene ndalama yake imadalira kuti usiku wapitawu nyanja yapereka kapena yamana. Vuto lake lili m'manja mwathu: timakomba ndi zala mosayeza, ndipo tikachulutsa, kutsukuluza kumafuna ndowa zambiri. Amene amapopa mjigo yekha akudziwa kuti ndowa iliyonse ili ndi mtengo wake pa msana.

Omo ndi wokwera mtengo, ndipo sindiona chifukwa chomuthira pa zovala za fumbi wamba. Malo ake ndi pa magazi, matumbo a nsomba, mazira, thukuta lokhalitsa. Waufa wa mtundu wake amakhala ndi timankhwala totchedwa maenzaimu, timene timadya litsiro lochokera m'thupi la nyama. Koma timafuna nthawi. Mukathira Omo n'kuyamba kufikisa pompo, mwalipira ndalama ya Omo n'kulandira ntchito ya safu wamba. Viikani theka la ola, osachepera. Ndipo osathira madzi owira, chifukwa amapha timankhwalato, komanso amaphika magaziwo n'kuwamatiratu pa nsalu. Banga la magazi limafuna madzi ozizira, zimenezi muziuze ndi ana omwe.

Safu ndi Sanilaiti waufa ndi a tsiku ndi tsiku: zitenje, malaya a kusukulu, zofunda. Pakati pa awiriwa, gulani amene watsika mtengo sabata imeneyo. Sindinaonepo kusiyana koti n'kudana nako ndi mnansi.

Za waufa wopima m'timapepala topanda dzina pa msika, chenjerani pang'ono. Wina amakhala wabwinobwino, wina wagona pachinyontho n'kuchita mibulu, wina ufa wongodzadzitsa ndiye wachuluka. Thirani supuni imodzi m'kapu ya madzi, mutakase. Wabwino amasungunuka n'kuterera pa zala. Mukapeza zambiri zakhala pansi ngati mchenga, musabwererekonso.

Chinanso: thovu lambiri si umboni woti waufa ndi wamphamvu. Makampani amadziwa kuti ife ochapa pamanja timakhulupirira thovu, nde waufa wochapira pamanja amamupanga wa thovu dala. Pa tabuleti thovu lili ndi tanthauzo, limakuuzani kuti madzi akhuta. Pa waufa, yang'anani kolala, osati phiri la thovu.

Kodi ndiye kuti tabuleti titaye? Ayi amwene. Pa madzi a mvula ndi a m'nyanja, tabuleti ndiye bwana. Imachedwa kutha, imatsukuluzika msanga, siwononga manja ngati waufa. Nkhani ya manjayi musaipepuse. Waufa ndi waukali, amachotsa mafuta a pakhungu, ndipo munthu amene zikhatho zake zachekeka kale ndi zingwe za chilimira amamva ngati waika dzanja mu tsabola. Amayi ochapa za ganyu tsiku ndi tsiku, onani zala zawo mmene zimasuwukira. Mukatha kuchapa ndi waufa sambani m'manja ndi madzi oyera, mudzole mafuta. Ndipo anyamata, kusamba thupi ndi Bumu siyani. Ndakuonani.

Pa matabuleti okhaokha, kusiyana kumene ndimakuwerengera ndi kulimba. Dinani ndi chala musanagule. Yofewa ngati chinangwa chophika ili ndi madzi ambiri, mukugula madzi pa mtengo wa sopo, ndipo isungunuka mukangoiiwala m'beseni. Nzeru ya agogo ija yodula sopo wamtali m'zidutswa n'kuziika pa mtanda wa denga kuti ziume kwa masabata angapo ndi yoona, imagwira pa Azamu, pa Yufuleshi, pa aliyense. Komanso pali chinthu chimodzi chimene chimafuna tabuleti basi ngakhale madzi akhale otani: neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala. Imeneyo ichapeni mofatsa ndi sopo wamba, osati waufa kapena jiki, muyanike pa mthunzi, ndipo osachapa pafupipafupi, chifukwa mankhwala ake anawayeza kuti apirire kuchapa ka 20. Kuno malungo si nkhani yongomva.

Tsono kwa a pa mjigo amene ali ndi waufa pang'ono ndi kachidutswa ka tabuleti, nayi ndondomeko yake. Titenge mnyamata wabwera ku nyanja m'mawa: mathalauzi awiri, malaya awiri, jekete ya mafuta a usipa, kuwonjezera yunifomu yoyera ya mng'ono wake. Choyamba zovala za kunyanja zikutumulidwe n'kuviikidwa kaye m'madzi ozizira opanda sopo, kuti mchenga, mamba ndi magazi zichoke. Mchenga umadya sopo komanso umang'amba ulusi pofikisa. Kenaka m'beseni muthire malita 10, theka la ndowa, ndi masupuni aakulu atatu a waufa, anayi ngati mjigo wanu unafuna njere zitatu pa botolo paja. Takasani mpaka usungunuke, zovala zisanalowe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaunjika zovala, kuthira madzi, n'kuwaza ufa pamwamba ngati mchere pa ndiwo. Ufa wosasungunuka umasiya mizere yoyera pa nsalu zakuda ndipo sufewetsa madzi.

Yunifomu ilowe yoyamba, yokha, theka la ola. Pofikisa kolala ndi m'khwapa, tsopano tengani tabuleti ija. Muona ikuchita thovu bwinobwino pa madzi omwe aja inkakana, chifukwa soda wa mu waufa wagwira kale laimu. Mukatha kufikisa, bwezerani malayawo m'madzi a waufa omwewo, muwagwedeze, mufinye zolimba, ndiye apite kotsukuluza. Chifukwa chake n'chakuti mukatenga malaya odzadza tabuleti n'kuwaponya m'madzi atsopano a mjigo, zonona zija zibadwira mkati mwa ulusi, ndipo kutuwa kuja kumayambira pamenepo, potsukuluza. Madzi otsala m'beseni alandire zovala za kunyanja, jekete itapakidwa kale phala m'malo mwa mafuta. Tsukuluzani kawiri. Pomaliza, pa za kunyanjazo, finyirani mandimu awiri m'madzi otsiriza. Fungo la nsomba limagonja ku zowawasa, ndipo mandimu amasungunulanso laimu wotsalira. Ntchito yonse ndowa zitatu zikwana.

Ngati muli ndi mgolo wa madzi a mvula, musawawononge poviika. Asungireni kutsukuluza komaliza kwa zoyera.

Ena amafunsa za kufewetsa madzi kunyumba. Kuwiritsa kumathandiza pang'ono, chikhakha cha m'ketulo chija ndi laimu amene watuluka, koma nkhuni zowiritsira ndowa zitatu n'zodula kuposa sopo amene mukufuna kupulumutsayo. Soda wa therere uja ndi wofooka pa ntchito imeneyi, si yemweyo ndi soda wochapira. Chimene chimagwiradi ndi chidulo, chomwe chija amayi amacheza kuchokera ku phulusa. Kapu imodzi ya chidulo chosefa bwino mu ndowa, kudikira kuti zoyera zidikhe pansi, kenaka kutsanula a pamwamba, tabuleti imayamba kumvera. Koma chidulo chimaluma manja, ndipo mphamvu yake imasiyana kutengera ndi phulusa, nde yambani ndi chochepa, ndipo osayesera pa chitenje chanu cha ku ukwati.

Pali mitundu ina iwiri ya madzi imene anthu amaisokoneza ndi olemera. Amchere enieni, omveka pa lilime, ngati a mijigo ina ya ku chigwa cha Shire ndi kufupi ndi Nyanja ya Chilwa, nawo amakana tabuleti, ndipo chidulo sichingachotse mcherewo. Pamenepo ndi waufa basi. Ena ndi a dzimbiri: potuluka pa mjigo oyera, koma akagona mu ndowa amachita chikasu, pansi n'kudikha zofiira. Amenewa amasandutsa zoyera kukhala zachikasu ngakhale mugule Omo wodula bwanji, ndipo mukathamangira jiki mwawonjeza moto, chifukwa jiki amatulutsa dzimbirilo n'kulimata pa nsalu. Mankhwala ake ndi kutunga madzulo, agone usiku wonse ndowa yosavundikira, m'mawa n'kutsanula a pamwamba mosamala. Banga la dzimbiri limene lagwira kale, mandimu ndi mchere, kenaka padzuwa.

A pa gombe, inu mwayi wa madzi muli nawo, koma ndili nanu mawu. Tungani, mukachapire kumtunda, madzi a sopo muthire pa mchenga kutali ndi nyanja. Kuima m'madzi osaya maola awiri m'malo a bango ndi nkhono ndi mmene likodzo limalowera, ndipo malo omwewo ndi amene tiana ta nsomba timabisala. Thovu la waufa si chakudya chawo.

Pomaliza penipeni pa za ndalama, popeza mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi ndipo ndikalemba lero mawa mundinena wabodza: musafunse kuti paketi ndi zingati, funsani kuti yachapa mabeseni angati. Lembani pa khoma ndi khala, mzere umodzi pa beseni lililonse, mpaka paketi kapena tabuleti ithe, kenaka mugawe mtengo wake ndi mizereyo. Paketi ya magalamu 500 pa masupuni atatu aja iyenera kukupatsani mabeseni 10 kapena kupitirira pang'ono. Ikatha pa mabeseni asanu, pezani amene akumathira ndi chikhatho m'nyumbamo.

A ku Salima, a ku Nkhotakota, a ku Monkey Bay, a ku Makanjira, yesani za mabotolo zija mundiuze mjigo wanu wadya njere zingati. Tumizani kwa amene amachapa kunyumba kwanu.